Nsabwe za m'mutu kwa ana a sukulu: mafunso amene makolo amafunsa kawirikawiri

Temu iliyonse masukulu akangotsegulira nkhani ya nsabwe imayambiranso, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano kuyambira ophweka mpaka ofuna kufotokoza bwino. Ngati mulibe nthawi yowerenga zonse, pitani pa funso la moyo wa nsabwe ndi la kapesedwe, chifukwa mayankho ena onsewa akutsamira pa awiriwo.

Kodi nsabwe za m'mutu n'chiyani kwenikweni, ndipo zimasiyana bwanji ndi nsabwe za m'zovala?

Ndi tizilombo tating'ono ta miyendo 6, topanda mapiko, tokhala m'tsitsi la munthu n'kumayamwa magazi pakhungu la m'mutu kangapo pa tsiku. Yaikulu imafika mamilimita 2 kapena 3, ngati kambewu ka chitowe, ndipo mtundu wake ndi wotuwa kapena wofiirira, makamaka ikangoyamwa kumene. Kumapeto kwa mwendo uliwonse kuli kachikhadabo kogwirira tsitsi, ndiye mukasambitsa mwana ndi sopo wamba imangogwira zolimba osachoka.

Nsabwe za m'zovala ndi zina. Zimenezo zimakhala ndi kuikira mazira m'misoko ya zovala, zimangobwera pathupi kudzayamwa, ndipo zimachuluka pomwe anthu akulephera kusintha kapena kuchapa zovala kwa nthawi yaitali. Izo zimatha kufalitsa matenda oopsa, koma za m'mutuzi sizidziwika kuti zimafalitsa matenda. Anthu ambiri amaphatikiza mitundu iwiriyi n'chifukwa chake mwana wa nsabwe za m'mutu amanenedwa kuti ngwauve pomwe nkhani yake si imeneyo.

Ndiye si uve? Mwana wanga amasamba tsiku lililonse koma wapezeka nazo

Ayi si uve. Nsabwe imafuna magazi ndi kutentha kwa m'mutu basi, siisankha mutu wosamba kapena wosasamba, ndipo ana a kusukulu zolipira ndalama zambiri amapezeka nazo chimodzimodzi ndi ana a kumudzi. Madzi ndi sopo sizipha nsabwe ndiponso sizimatula mazira. Chonde musamukalipire mwanayo kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, chifukwa mwana wochititsidwa manyazi ulendo wina amabisa kuyabwa, ndipo mumadzazindikira mutu uli kale ndi zilonda.

Zimadumpha kapena kuuluka kuchoka kwa mwana wina?

Sizidumpha, siziuluka, zimangokwawa. Chodumpha ndi utitiri. Njira yaikulu yomwe nsabwe imachokera mutu wina kupita mutu wina ndi pamene tsitsi lakhudzana ndi tsitsi, ndiye ganizirani ana a sitandade 1 kapena 2 atakhala pansi mothithikana, anayi kapena asanu aweramira buku limodzi mitu itagundana, kapena atsikana akulukana tsitsi pa buleki, kapenanso ana ogona mkeka umodzi kunyumba ndi ogona mabedi ogundizana ku sukulu yogonera komweko. Apa mpomwe pamafalira nsabwe. Ndi chifukwa chake zimavuta kwambiri ana a ku mkaka ndi a ku pulayimale kusiyana ndi akuluakulu.

Kubwerekana chipeso, chipewa, duku kapena pilo kungathe kupatsirana, koma si kawirikawiri ngati mmene anthu amaganizira, popeza nsabwe yathanzi siifuna kuchoka pamutu. Galu, mphaka ndi nkhuku sizikhudzidwa ndi nkhaniyi, nsabwe za munthu zimakhala pa munthu yekha.

Kodi moyo wa nsabwe umayenda bwanji, ndipo n'chifukwa chani ndiyenera kudziwa zimenezi?

Chifukwa ambiri amene amati "tapanga zonse koma sizikutha" vuto lawo lili pompano. Nsabwe yaikazi imaikira mazira angapo tsiku lililonse n'kuwamata pa tsitsi pafupi kwambiri ndi khungu, pomwe pali kutentha. Dzira limaswa pakatha masiku 7 mpaka 10. Kamwana kotulukako kamayamba kuyamwa tsiku lomwelo koma sikangaikire mazira mpaka katakula, ndipo kukulako kumatenga sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Yaikulu imakhala ndi moyo pafupifupi masiku 30 pamutu. Ikagwa pansi imafa pasanathe masiku awiri chifukwa chosowa magazi.

Tanthauzo lake n'lakuti lero mutha kuchotsa kapena kupha nsabwe zonse zoyenda, mutu n'kuoneka woyera, koma mazira amene anaikiridwa dzulo ndi dzana akadali pompo ndipo aswa sabata yamawa. Mukasiya pamenepo, tiana timeneto tikula, tiikira mazira, ndipo pakatha milungu itatu mwana wayambiranso kukanda, inu n'kumati watenganso kusukulu pomwe ndi zomwe zija. Ntchito yonse ndi kugwira tianato titaswa koma tisanakule, ndipo izi sizitheka tsiku limodzi.

Mwana akukanda m'mutu. Ndidziwa bwanji kuti ndi nsabwe?

Kukanda pakokha si umboni. Mfundu umayabwitsa, chipere chimayabwitsa, thukuta ndi mafuta ena odzola m'mutu zimayabwitsanso, ngakhale tsitsi loluka mokoka kwambiri. Komanso mwana akhoza kukhala ndi nsabwe osakanda n'komwe, chifukwa kuyabwako kumabwera thupi likayamba kudana ndi malovu a nsabwe, ndipo kwa amene wazitenga koyamba zimatha kutenga milungu 4 mpaka 6 kuti ayambe kumva kuyabwa. Nthawi yonseyo amakhala akupatsira anzake osadziwa.

Umboni weniweni ndi kuona nsabwe yamoyo, yoyenda. Kungofunyulula tsitsi louma ndi zala nthawi zambiri simuiona chifukwa imathawa kuwala ndipo imakwawa msanga, ndiye njira yodalirika ndi kupesa tsitsi lonyowa monga tafotokozera pansipa. Yambani kuyang'ana kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, kumeneko nkomwe zimakonda.

Ndikuona tinthu toyera m'tsitsi. Ndi mazira kapena mfundu?

Yesani kukasuntha ndi chala. Mfundu umayoyoka mukangoukhudza kapena kuuzira, koma dzira la nsabwe limakhala lomatirira pa tsitsi limodzi, chammbali, ndipo kuti lichoke mpaka mulikoke ndi zikhadabo kutsetsereka nalo mpaka kunsonga.

Kenako onani pomwe lili. Dzira lamoyo limakhala lofiirira ndipo kawirikawiri limapezeka pafupi ndi khungu, osapitirira theka la sentimita kapena kuposerapo pang'ono. Loyera mbee, lomwe limaoneka msanga, nthawi zambiri ndi chikhokhombe chabe, mwini wake anatuluka kale. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi ndipo limanyamula chikhokhombecho, ndiye mukachipeza masentimita awiri kapena atatu kuchoka pakhungu dziwani kuti n'chakale. Zikhokhombezi zimatha kukhalabe m'tsitsi miyezi nsabwe zitatha kalekale, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona ana akupakidwa mankhwala mobwerezabwereza kapena kubwezedwa kusukulu chifukwa cha zinthu zopanda moyo. Ngati simunaone nsabwe yoyenda musagule mankhwala, ingopitirizani kufufuza ndi chipeso.

Kupesa kwake kumachitika bwanji? Fotokozani bwinobwino

Mufunika chipeso wamba cha mano otalikirana, chipeso cha nsabwe cha mano othithikana kwambiri, kondishona wambiri wa mtundu uliwonse ngakhale wotchipa, nsalu yoyera kapena tishu, ndi malo owala bwino, panja masana ndiye pabwino kuposa m'nyumba usiku. Chipeso cha nsabwe chimapezeka ku famase ndipo mipata ya mano ake imakhala pafupifupi mamilimita 0.2 mpaka 0.3, chipeso wamba nsabwe imangodutsa pakati. Ngati kondishona palibe, mafuta ophikira amathandiza, kungoti amavuta kutsuka.

Sambitsani mutu ndi shampu kapena sopo, mutsukuluze, kenako pakani kondishona wambiri tsitsi likadali lonyowa. Kondishonayo sapha nsabwe ayi, ntchito yake ndi kuterereretsa tsitsi ndi kuchititsa nsabwe kulephera kuthamanga. Yambani ndi chipeso chachikulu mpaka tsitsi lisakodwenso. Tsopano gawani tsitsi m'zigawo zing'onozing'ono, tengani chipeso cha nsabwe, muchilowetse mpaka mano akhudze khungu, n'kukoka pang'onopang'ono kuchokera pakhungu mpaka kunsonga osachichotsa panjira. Mukakoka kamodzi pukutani pa nsalu yoyera ija muone chomwe chatuluka. Chigawo chilichonse bwerezani kangapo mpaka chipeso chituluke chopanda kanthu, ndiye mupite chigawo china. Mukamaliza mutu wonse tsukuluzani kondishona n'kupesanso kamodzi tsitsi likadali lonyowa.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri n'kuyambira pakati pa tsitsi poopa kumupweteka mwana, pomwe nsabwe zimakhala pakhungu penipeni. China ndi kuthamanga. Tsitsi lalifupi limatenga mphindi 10 kapena 15, lalitali kapena lambiri limatha kutenga mphindi 30 ngakhale kupitirira, ndiye mukhazikeni mwana bwino, mumupatse chomutangwanitsa.

Ndipese kangati? Ndipatseni chitsanzo

Ndondomeko yomwe a zaumoyo ku Britain, a NHS, amalangiza ndi kupesa pa tsiku loyamba, la 5, la 9 ndi la 13, kenako kufufuza komaliza pa tsiku la 17. Masiku amenewa sanangosankhidwa mwachisawawa. Mpata wake ndi waufupi moti kamwana kalikonse koswa kamagwidwa kasanakule, ndipo pofika tsiku la 13 mazira onse amene analipo poyamba amakhala ataswa.

Tiyerekeze banja la ana atatu ogona chipinda chimodzi, ndipo Loweruka mwapeza nsabwe mwa wa sitandade 3. Tsiku lomwelo pesani onse a m'nyumbamo, inu nomwe. Tinene kuti mng'ono wake amene amagona naye mkeka umodzi wapezekanso nazo koma wamkulu alibe. Awiriwo muwachite limodzi, tsiku lomwelo, osati wina lero wina sabata yamawa chifukwa adzangopatsirananso. Wamkuluyo sakufunika chithandizo, mungomufufuza masiku omwewo.

Loweruka limenelo mutulutsa nsabwe zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Lachitatu, tsiku la 5, muyembekezere kupeza tiana tating'ono kwambiri tokhatokha, ndipo musataye mtima, timeneto tachokera m'mazira ndipo zikuonetsa kuti ntchito ikuyenda. Lamlungu, tsiku la 9, tipezekanso koma tochepa. Lachinayi, tsiku la 13, mwina kamodzi kapena osapeza n'komwe. Lolemba, tsiku la 17, mutu uyenera kukhala wopanda chamoyo chilichonse.

Nanga mukapeza nsabwe yaikulu pa tsiku la 9 kapena la 13? Imeneyo siinachokere m'dzira loswa dzana, ndiye pali zinthu ziwiri, mwina inakuphonyani popesa maulendo apitawo kapena yachokera pamutu wina. Mulimonsemo ikhoza kukhala itaikira mazira atsopano, ndiye yambaninso kuwerenga tsiku loyamba kuchokera pamenepo, ndipo fufuzani amene mwanayo amagundana naye mutu. Kuyang'ana kukula kwa nsabwe zomwe mukupeza kumakuuzani zambiri kuposa kungowerenga kuchuluka kwake.

Tsitsi lathu ndi lopotana, chipeso chothinacho sichidutsa. Nanga loluka?

N'zoona, ndipo malangizo ambiri olembedwa pa mapaketi amaganizira tsitsi lowongoka. Pa tsitsi lathu musayerekeze kupesa louma, mungomuliza mwana n'kuthyola tsitsi. Linyowe kwambiri, kondishona achuluke kuposa mmene mukuganizira, muyambe kulimasula ndi zala kenako chipeso chachikulu kuyambira kunsonga kutsikira pakhungu, ndipo zigawo zikhale zazing'ono zedi, chomwe mwamaliza muchimange padera. Chipeso cha mano achitsulo aatali chimapirira kuposa chapulasitiki.

Ngati mwana walukidwa kapena ali ndi meshi, palibe kuchitira mwina, masulani. Chipeso sichingafike pakhungu, mankhwalanso safika paliponse, ndipo nsabwe zimabisala pansi pa malukowo. Ndikudziwa kuti zimawawa kumasula tsitsi lomwe mwalipira sabata yatha, koma dikirani mpaka tsiku la 17 litadutsa ndiye mulukenso.

Ena amati tsitsi la anthu akuda siligwira nsabwe. Ku America zinaonekadi kuti ana akuda sapezeka nazo kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo, koma kuchepa si kusakhalapo, ndipo makolo amene ana awo akuphunzira ku Joni kapena ku Ulaya asaleke kufufuza podalira mawu amenewa.

Bwanji osangomumeta mpala?

Kumeta mpala kumathetsadi, chifukwa nsabwe ndi mazira zimapita ndi tsitsi, ndipo kwa mnyamata amene amameta kale ndi njira yachangu komanso yotchipa. Koma kungodula tsitsi kukhala lalifupi sikokwanira popeza mazira amakhala pafupi ndi khungu. Ndipo kwa mtsikana amene sakufuna, kumumeta mokakamiza kuli ngati kulengeza kwa kalasi yonse, pomwe chipeso chikanatha kugwira ntchito yomweyo. Mukasankha kumeta, samalani ndi makina a ku babashopu osatsukidwa bwino ndi malezala obwerekana, mungathetse nsabwe n'kutengako chipere.

Mankhwala a ku famase alipo otani, ndipo amagwiritsidwa ntchito bwanji?

Alipo magulu awiri. Loyamba ndi opha tizilombo monga pemetirini wa 1% ndi malatiyoni wa 0.5%. Pemetirini amapakidwa pa tsitsi losambitsidwa ndi lopukutidwa, n'kukhala mphindi 10 musanatsukuluze. Musapake kondishona musanamuthire chifukwa amatchinga mankhwala kugwira tsitsi, ndipo mukatsukuluza musasambitsenso mutu ndi shampu kwa tsiku limodzi kapena awiri. Malatiyoni amakhala maola 8 mpaka 12, ndipo mitundu ina ya mankhwalawa imayaka moto, ndiye mwana asayandikire mbaula, kandulo, koloboyi kapena dulaya. Gulu lachiwiri ndi monga dayimetikoni wa 4%, amene si poizoni koma amakuta nsabwe mpaka kufa, ndipo nthawi zambiri amagonetsedwa m'mutu usiku wonse.

Chachikulu pa onsewa n'chakuti sapha mazira onse, ndiye amafunika kubwereza, kawirikawiri pakatha masiku 7 mpaka 10 malinga ndi zomwe zalembedwa pa paketi, pa chifukwa chomwe tafotokoza pa funso la moyo wa nsabwe. Thirani okwanira kunyowetsa khungu lonse la m'mutu, botolo limodzi kugawira ana anayi n'kutaya ndalama. Mwana wosakwana zaka ziwiri, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana wa mphumu ndi amene ali ndi zilonda m'mutu, funsani kaye kuchipatala kapena kwa wa famase, ndipo kwa amenewa kupesa ndi komwe kulibe chiopsezo.

Ndathira mankhwala koma zikadalipo. Ndionjezere?

Musaonjezere muyezo kapena nthawi. Pesani mawa lake muone. Ngati mukupeza zakufa ndi zina zoyenda mofooka, mankhwala agwira. Ngati zazikulu zikuthamanga ngati palibe chachitika ndipo munatsatira malangizo bwinobwino, n'kutheka kuti nsabwezo zinazolowera mankhwalawo, zomwe zikuchitika m'maiko ambiri makamaka ndi pemetirini. Apo kubwereza omwewo kachitatu sikuthandiza, sinthani gulu la mankhwala kapena tsatirani ndondomeko yopesa. Mukapeza tiana tokhatokha patatha masiku angapo si kulephera kwa mankhwala, ndi mazira aja aswa, ndiyo ntchito ya ulendo wachiwiri.

Kuyabwa kumatha kupitirira masiku angapo nsabwe zitatha, ndipo mankhwala enieniwo nthawi zina amayabwitsa khungu. Musathirenso chifukwa cha kuyabwa kokha.

Anthu amati parafini, dumu kapena dipi ya ng'ombe zimapha msanga. N'zoona?

Chonde musayese, ngakhale pang'ono. Parafini ndi petulo zimawotcha khungu, ndipo mutu wonyowa ndi parafini m'nyumba momwe muli moto kapena nyali ukhoza kuyaka nthawi yomweyo. Dumu, dipi, mankhwala opopera mbewu ndi akiteliki wothira m'chimanga ndi poizoni amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mutu wa mwana wokandakanda uli ndi timabala tomwe timalowetsa msanga. Kumanga pulasitiki kumutu pamwamba pake kumaonjezera ngoziyo, ndipo mwana wamng'ono asagone ndi jumbo kumutu pa chifukwa chilichonse. Nsabwe za m'mutu sizipha munthu, koma zinthu izi zimapha.

Ngati wina wathira kale, vulani mwana zovala zomwe zakhudzidwa, tsukani mutu ndi madzi ambiri ndi sopo moteteza maso, ndipo mukaona akutuluka dovu lambiri, akusanza, akutuluka thukuta kwambiri, akunjenjemera kapena akubanika, thamangirani kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo.

Za viniga, vaselini, mayonezi ndi adyo si zoopsa chotere koma sizodalirika. Nsabwe imatha kukhala duu kwa maola ngati yafa kenako n'kuyambanso kuyenda. Pomwe anthu amati mafuta anathandiza, kawirikawiri chinathandiza ndi kupesa komwe anapesa pambuyo pake.

Ndichape nyumba yonse? Nditenthe zofunda?

Ayi, musatenthe kanthu ndipo musapopere nyumba. Monga tanena, nsabwe ikachoka pamutu siikhalitsa, ndipo mazira saswa bwino popanda kutentha kwa mutu. Chapani ndi madzi otentha zokhazo zomwe zinakhudza mutu m'masiku awiri apitawo, monga nsalu ya pilo, duku, chipewa ndi thaulo, n'kuyanika padzuwa kapena kusita. Zipeso zivikeni m'madzi otentha kwambiri kwa mphindi 10. Chosachapika chimangireni m'jumbo kwa milungu iwiri. Mphamvu zanu zipite pamitu, osati pamakoma. Ngati mukulumidwa thupi lonse usiku, fufuzani nsikidzi kapena mphere, imeneyo ndi nkhani ina.

Mwana asapite kusukulu mpaka zitatha? Ndiwauze aphunzitsi?

Apite. Pomwe mukuzipeza amakhala atakhala nazo kale milungu ingapo, ndiye kumujombetsa sabata yonse kumangomutayitsa maphunziro osateteza aliyense. Yambani chithandizo tsiku lomwe mwazipeza, mawa lake apite, muuzeni apewe kugunditsa mutu ndi anzake ndipo tsitsi lalitali limangidwe.

Aphunzitsi auzeni pambali, kuti makolo onse a kalasiyo adziwitsidwe popanda kutchula dzina la mwana. Chomwe chimathandiza kwambiri n'chakuti mabanja onse afufuze ana awo kumapeto kwa sabata imodzi yomweyo, apo ayi kalasi imangopatsirana temu yonse, uyu akachira uyo wayamba. Kuyendera ana pa asembule n'kumatulutsa pamzere opezeka ndi mazira sikugwira ntchito, chifukwa kuyang'ana tsitsi louma kumaphonya ambiri amene ali ndi nsabwe zamoyo n'kugwira ena amene angotsala ndi zikhokhombe.

Ndi liti pomwe ndiyenera kupita kuchipatala?

Pitani ngati m'mutu muli zilonda zotuluka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, ngati mwana watupa mwanabere kunkhongo kapena kuseri kwa makutu, kapena watentha thupi, chifukwa pamenepo mabala okanda alowa majeremusi ndipo pangafunike mankhwala ena musanathire chilichonse cha nsabwe. Pitaninso ngati tsitsi likusosoka mozungulira n'kusiya zigamba zotuwa, popeza chimenecho n'chipere ndipo cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo, odzola okha sachiza. Mukaona nsabwe kapena mazira m'zikope musathire mankhwala aliwonse pafupi ndi maso, akaone adokotala. Ndipo ngati mwatsatira ndondomeko yonse kawiri, kupesa kapena mankhwala, koma zamoyo zikupezekabe, tengani nsabwe ziwiri kapena zitatu mutazimata pa selotepi pamodzi ndi paketi ya mankhwala omwe munagwiritsa ntchito, kuti akaone ngati zilidi nsabwe ndiponso akusankhireni mankhwala a gulu lina.